Mfutso wa ng'ombe: udzu wa Rodesi ndi kalongonda zosungira nthawi ya chilimwe

M'mwezi wa Okutobala, kuno kum'mawa kwa Zambia, nthawi zambiri munthu amaona ng'ombe zowonda zitaima pakati pa udzu wofika m'chiuno. Woziona angaganize kuti zikudwala, popeza chakudya chili ponseponse ndipo mimba zawo ndi zokhuta. Koma zambiri mwa izo sizikudwala konse. Zikuvutika ndi njala imene simaoneka ndi maso, chifukwa udzu umene zikudyawo unasanduka mitengo kalekale. Njala imeneyi imafika pachimake pa nthawi yomwe mlimi akufuna mphamvu za ng'ombe zake. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, ng'ombe zokoka pulawo zimatopa dzuwa lisanakwere, kulima kumachedwa, ndipo kuchedwa kubzala chimanga kumalipiridwa ndi matumba pa nthawi yokolola.

Kuti timvetse chimene chimasowa, tiyenera kudziwa mmene ng'ombe imagayira chakudya. M'chifu chake chachikulu muli tizilombo tosaoneka ndi maso tambirimbiri, ndipo ndi timeneti timene timaphwanya udzu kuti ng'ombe ipezemo mphamvu. Tizilomboti timafuna zomanga thupi, zimene akatswiri amati mapuloteni, kuti tichulukane ndi kugwira ntchito. Zomanga thupi zikachepera magawo 7 pa 100 aliwonse a chakudya chouma, tizilomboti timafooka, udzu umakhalitsa m'chifu osagayika, ndipo ng'ombe imalephera kudya wina chifukwa malo mulibe. Udzu wanthete wa m'dzinja umakhala ndi magawo 10 kapena kuposa. Tsekera woumira chilili wa mu Seputembala amakhala ndi magawo 2 kapena 3 okha, ndipo mapesi a chimanga samupambana kwenikweni. Chizindikiro chake chimaoneka m'khola momwe: ndowe ya ng'ombe yotere imatuluka youma, yolimba, yokhala ndi mizere ngati mbale zosanjikiza, m'malo mogwa yofewa ndi kuphwathalala.

Choncho posunga chakudya cha m'chilimwe cholinga chathu ndi kugwira udzu ukadali ndi thanzi, kuuumitsa msanga, ndi kuwonjezapo mbewu za mtundu wa nyemba. Kungounjika udzu wambiri sikuthandiza. Amayi amene amafutsa nkhwani ndi chitambe amadziwa kale nzeru yake. Palibe amene amadikira kuti masamba akhwime ndi kuyoyoka okha asanapange mfutso. Udzu wosungira ng'ombe, umene ena amautcha heyi, ndi mfutso womwewo.

Chiwerengero cha ng'ombe zitatu

Tiyeni titenge khola la banja limene lili ndi ng'ombe ziwiri zolimira ndi yaikazi imodzi, zonse za mtundu wa Angoni umene wafala m'chigawo chathu. Tinene kuti iliyonse imalemera pafupifupi makilogalamu 300. Ng'ombe yotere imadya makilogalamu 7 kapena 8 a chakudya chouma pa tsiku. Sitifunika kuipatsa onsewo m'khola, popeza masana imapita kudambo n'kupezako kena kake. Tinene kuti kubusa ikupeza makilogalamu 3 ndi theka, ndipo madzulo tikuipatsa makilogalamu 4 ndi theka: atatu a udzu wa Rodesi, imodzi ndi theka ya masamba ndi mitsitsi ya kalongonda.

Nthawi yovuta kwenikweni imayamba pakati pa Ogasiti ndi kutha pakati pa Disembala, ndiye kuti masiku 120. Ng'ombe zitatu pa masiku amenewa zidzadya makilogalamu 1,080 a udzu ndi makilogalamu 540 a kalongonda. Popeza china chimatayika, china chiswe chimadya, ndipo zaka zina mvula imachedwa, nkwanzeru kusunga makilogalamu 1,300 a udzu ndi 650 a kalongonda. Lima imodzi ya Rodesi wokhazikika bwino ndi wothiridwa manyowa, ndiye kuti mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ingathe kupereka udzu wokwana pamenepa pa chaka cha mvula yabwino. Kalongonda wofunikawo angachoke pa lima imodzi, kapena kuchepera pang'ono ngati nthaka ili yachonde. Pa nthaka yamchenga yoguga musayembekezere zochuluka chotere, makamaka chaka choyamba.

Tsono taonani chimene kalongonda akuchita m'chiwerengerochi. Udzu wa Rodesi womwetedwa pa nthawi yake uli ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 8 pa 100, ndipo makilogalamu atatu amapereka magalamu 240. Kalongonda ali ndi kuwirikiza kawiri, kotero kilogalamu imodzi ndi theka nayo imapereka magalamu 240. Tikawonjeza magalamu pafupifupi 100 ochokera ku udzu wa kudambo, chakudya chonse cha tsikulo chimangodutsa pang'ono malire aja a magawo 7. Ng'ombe sinenepa ndi chakudya chimenechi, koma siwonda, ndipo chifu chake chimagwira ntchito moti imatha kupindula ngakhale ndi tsekera ndi mapesi. Mukachedwa kumweta Rodesi mpaka atauma m'munda, zomanga thupi zake zimatsika ndi theka, ndipo chakudya chonse chimabwereranso pansi pa malire ngakhale kalongonda alipo. Masabata anayi a kuzengereza amameza theka la phindu la lima yathunthu ya nyemba.

Kubzala: pamodzi kapena padera?

Mbewu ya Rodesi ndi yopepuka ngati mungu, ndipo ambiri amene amadandaula kuti sinamere amakhala kuti anaikwirira kwambiri. Nthaka iyenera kusalazidwa bwino, yopanda zibuma, ndipo mbewu isalowe kupitirira sentimita imodzi. Makilogalamu awiri amakwana lima imodzi. Isakanizeni ndi mchenga wouma kuti imwazike mofanana, ifeseni m'mizere mvula itakhazikika kumapeto kwa Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, kenaka kokani nthambi pamwamba pake kapena pondanipo ndi mapazi. Ubwino wa mizere ndi wakuti mumatha kusiyanitsa udzu wanu ndi udzu wachabe popalira, pakuti zikamera zimafanana. Mundawo ukagwira umakhala zaka zitatu kufikira zisanu, malinga ndi manyowa amene mukuubwezera. Kumbukirani kuti mtolo uliwonse wochoka m'munda umatenga chonde, ndipo manyowa a m'khola ndiwo ayenera kubweza ngongoleyo.

Mabuku ambiri amalangiza kufesa udzu ndi nyemba zosatha m'munda umodzi, monga Rodesi ndi silatiro kapena sitayilo. Maganizo ake ndi abwino: mizu ya nyemba imagwira nayitirojeni wa mumpweya, udzu umapindula naye, ndipo ng'ombe imadya zonse pa kamwa limodzi. Kumene alimi amadyetsera m'munda mosinthasintha ndiponso ali ndi mpanda, njirayi imagwira. Koma zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti pofika chaka chachitatu nyemba zija zasowa. Zifukwa zake ndi zodziwika. Rodesi amakula msanga n'kuphimba nyemba. Mlimi akathira yureya kuti udzu uchuluke, amakhala akuthandiza udzuwo kupha mnzake. Nthaka zambiri zamchenga zimaperewera fosiforasi, amene nyemba zimamufuna koposa udzu. Ndipo m'chilimwe mbuzi ndi ng'ombe zongoyendayenda zimasankha nyemba zobiriwira n'kuzidya mpaka m'mizu.

Pali chifukwa china chimene chimakhudza mfutso weniweniwo. Rodesi ali ndi mapesi aang'ono ndipo amauma masiku awiri kapena atatu, pamene kalongonda, nkhungudzu ndi khobwe zili ndi mitsitsi yonenepa yamadzi imene imatenga pafupifupi sabata. Mukamweta zonse pamodzi, mudzasunga nyemba zosauma zimene zichite chuku, kapena mudzadikira mpaka udzu utapserera ndi dzuwa. Chifukwa cha ichi, kwa mlimi wa munda waung'ono wopanda mpanda, ife timaona kuti ndi bwino kubzala padera n'kukasakaniza modyeramo. Phindu la nyemba ku nthaka silitayika, chifukwa pamene panali kalongonda chaka chino mungabzalepo chimanga chaka chamawa.

Amene alibe malo apadera angabzale kalongonda kapena nkhungudzu pakati pa mizere ya chimanga, chimangacho chitatha masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi. Mukafulumira kuposa apa, kalongonda amayanga pa chimanga n'kuchigwetsa. Ena amamuopa chifukwa ndi mbale wake wa chitedze, koma mitundu yolimidwa ilibe ubweya woyabwa ngati wa kutchire uja. Chenjezo lenileni lili pa njere zake: ng'ombe zimatha kudya pang'ono popanda vuto, koma musazipereke zosaphika kwa nkhumba kapena nkhuku. Ndipo mlimi wa mtedza ali kale ndi chuma m'manja. Masangwi a mtedza, akasonkhanitsidwa masamba asanayoyoke n'kusungidwa pamthunzi, angalowe m'malo mwa gawo lalikulu la kalongonda m'chiwerengero chathu chija.

Tsiku lomweta

Rodesi amwetedwe pamene ngaiyaye zangoyamba kutuluka, mapesi ena atamasula koma ambiri asanatero. Apa ndi pamene kuchuluka ndi thanzi zimakumana. Vuto ndi lakuti munda wokhazikika umafika pa msinkhu umenewu kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, mvula ili pakati, pamene kupeza masiku atatu adzuwa otsatizana ndi mwayi chabe. Alimi ambiri amati adikire mvula ithe, ndipo pofika Meyi amamweta udzu wofiira wa njere zakupsa umene uli woyenera kufolerera nyumba.

Njira yolambalala vutoli ndi kumweta kawiri. Kumweta koyamba kuchitike kumayambiriro kwa Febuluwale, osayembekeza kuti nyengo ilole kuyanika. Udzu umenewo perekani kwa ng'ombe uli wauwisi, ndipo ngati dzuwa lawala masiku angapo, umitsani umene mungathe. Mukatero thirani manyowa kapena feteleza pang'ono. Udzu umaphukanso, ndipo patapita masabata asanu ndi limodzi kufikira asanu ndi atatu umafikanso pomasula, ndiye kuti kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, mvula ikulekeza ndipo dzuwa likudalirika. Kumweta koyambako kumabweza ukalamba wa udzu m'mbuyo kuti nthawi yake yabwino igwirizane ndi nyengo youmitsa. N'zoona kuti mu Epulo manja amakhala otanganidwa ndi mtedza ndi soya, choncho ntchitoyi iikidwe pa ndondomeko ya banja kudakali nthawi.

Mwetani m'mawa mame atakamuka, ndi zenga lakuthwa, kusiya chitsa cha masentimita 10 kuti udzu uphukenso. Musamwete munda wonse tsiku limodzi, koma gawo lokhalo limene mungathe kulitembenuza ndi kulitola mitambo ikabwera mwadzidzidzi. Yalani udzu mopyapyala, utembenuzeni kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo madzulo uunjikeni m'mizere kuti mame anyowetse pamwamba pokha. Mvula yogwera udzu wongomwetedwa kumene siwononga kwambiri. Yoopsa ndi imene imagwera udzu wotsala pang'ono kuuma, pakuti imatsuka shuga ndi zina zosungunuka n'kusiya mapesi okha.

Udzu wauma mokwanira pamene chinyezi chatsika kufika magawo 15 pa 100, ndipo izi mungazidziwe popanda makina. Tengani kamtolo pakati pa mulu ndi kukapotokola mwamphamvu. Ngati pakutuluka chinyezi kapena mapesi akumveka ozizira ndi olendera, sunaume. Ngati ukulira tswatswa, mapesi ena akuthyoka koma wonse sukufumbutuka, wafika. Ena amaika tizidutswa ta udzu m'botolo louma pamodzi ndi supuni ya mchere, n'kukhutchumula kwa mphindi imodzi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti madzi akadalimo. Mtundu nawo umanena zoona. Mfutso wabwino umakhala wobiriwira motuwira ndipo umanunkhira bwino. Woyera mbuu wapsa ndi dzuwa, wakuda kapena wofumbira fumbi loyera wachita chuku.

Kalongonda ndi nkhungudzu zimwetedwe maluwa atachuluka, makoko atangoyamba kupangika. Pa mbewu zimenezi chuma chili m'masamba, ndipo masambawo amauma msanga n'kuyoyoka mitsitsi isanaume. Mlimi amene amazisiya padzuwa sabata yathunthu ndi kuzinyamula masana amafika kunyumba ndi zingwe zokha, zomanga thupi zitatsala m'munda. Zisiyeni zifote padzuwa tsiku limodzi kapena awiri, kenaka zikolekeni pa mitengo itatu yomangidwa pamwamba ngati mafuwa oimirira, pakati pali mphako yodutsa mphepo, kapena ziyaleni pathandala la pamthunzi kuti zimalize kuuma. Pozinyamula sankhani m'mamawa masamba akadali ofewa, ndipo yalani masaka pansi kuti zoyoyoka zisatayike.

Kumanga ndi kusunga

Udzu womwazika umatenga malo ambiri ndipo ndi wovuta kuuwerengera. Bokosi lamatabwa lopanda chivundikiro ndi lopanda pansi, lotalika masentimita 90, m'lifupi 50, kuya 40, limathetsa zonse ziwiri. Goneketsani zingwe ziwiri m'kati mwake nsonga zikulendewera kunja, ikani udzu pang'onopang'ono mukuupondaponda makamaka m'makona, mangani zolimba, kenaka kwezani bokosilo. Belo lotere limalemera makilogalamu 12 kufikira 15 malinga ndi mwini mapazi, choncho yezani atatu oyamba pa sikelo kuti mudziwe anu. Tikatenga 13, banja lija likufuna mabelo 100 a Rodesi ndi 50 a kalongonda, ndipo kagawidwe kake ndi kosavuta kukumbukira ngakhale kwa mwana wobusa: mabelo awiri a udzu ndi limodzi la kalongonda pa masiku atatu aliwonse.

Mabelo akhale pathandala lokwera kufika m'mawondo, pansi pa denga losadontha, miyendo yake yothiridwa phulusa ndi kuyang'aniridwa chifukwa cha chiswe. M'masabata awiri oyamba pisani dzanja pakati pa mulu masiku ndi masiku. Kufunda pang'ono si kwachilendo, koma ngati mukutentha kapena mukumveka fungo la fodya, phwasulani muluwo muyanikenso, chifukwa udzu wosungidwa wonyowa umavunda ndipo nthawi zina umayaka wokha. Lambulani mozungulira shediyo moto wolusa usanayambe. Wachuku musapereke kwa ziweto, makamaka ng'ombe ya bere.

Nanga nsenjere ndi chimanga?

Nsenjere imabereka kwambiri kuposa Rodesi, koma mapesi ake ndi aakulu moti sauma bwino. Iyo ndi chimanga chachiwisi zimasungidwa mwa njira ina, yozitsekera m'dzenje kuti zisase, imene imatchedwa sayileji. Pano dzuwa silifunika. Chofunika ndi kuchotsa mpweya. Tizilombo tina timasandutsa shuga wa m'mapesi kukhala asidi, monga zimachitikira ndi mkaka wosasa, ndipo asidiyo amaletsa kuwola malinga mpweya usalowe.

Nsenjere idulidwe itafika pafupifupi mita imodzi, ndipo chimanga pamene njere zasiya mkaka koma chikhadabo chikulowabe. Zidulidwe tizidutswa ta masentimita awiri kapena atatu. Finyani dzanja limodzi la tizidutswato: madzi akamadontha, zifotetseni kaye maola angapo, zikagwirana n'kumasuka pang'onopang'ono, dzanja lili lonyowa chabe, zili bwino. Chimanga chili ndi shuga wokwanira, koma nsenjere imafuna thandizo, monga makilogalamu atatu a molasesi wosungunula m'madzi, kapena makilogalamu asanu a gaga, pa makilogalamu 100 aliwonse. Nyemba zingasakanizidwe koma zisapitirire gawo limodzi mwa atatu, chifukwa zikachuluka kusasa kumavuta. Dzenje la mamita awiri m'litali, imodzi m'lifupi ndi imodzi kuya, lokumbidwa pamtunda ndi kuyalidwa pulasitiki, limalowa pafupifupi tani imodzi. Lidzazidwe tsiku limodzi kapena awiri, mukupondaponda mwamphamvu gawo lililonse, kenaka likutidwe ndi pulasitiki ndi dothi lokwera pakati kuti madzi azitsetsereka. Patatha masabata asanu ndi limodzi mungatsegule mbali imodzi, kutapa za tsikulo n'kutsekanso. Sayileji yabwino ndi yachikasu mobiriwira ndipo fungo lake ndi losasa mokoma. Yakuda, yoterera ndi yonunkha yalowa mpweya kapena madzi.

Pali chimodzi chimene ambiri amaiwala powerengera. Magawo awiri mwa atatu a sayileji ndi madzi, kotero tani yathunthu ya m'dzenje ikufanana ndi makilogalamu pafupifupi 300 a udzu wouma. Banja lathu lija likadafuna maenje anayi kuti lilowe m'malo mwa mabelo 100 a Rodesi, ndipo kudula matani anayi ndi chikwanje m'masiku owerengeka si ntchito ya anthu awiri. Sayileji imalipira kwa amene ali ndi ng'ombe yamkaka yogulitsa tsiku ndi tsiku, kapena gulu limene lili ndi makina odulira. Kwa ng'ombe zolimira, mfutso wouma ndi wotsika mtengo ndipo cholakwa chake chimaoneka msanga.

Podyetsa

Musadikire kuti nthiti zionekere. Kusunga thupi la ng'ombe kumafuna chakudya chochepa kusiyana ndi kulibwezeretsa litatha. Yambani mu Ogasiti, madzulo ng'ombe zikabwera kubusa, ndipo ikani chakudya m'chodyeramo chokwera, chifukwa chothiridwa pansi chimapondedwa ndi kukodzeredwa. Sakanizani udzu ndi kalongonda kuti zamphamvu zisasankhe masamba okha, ndipo ngati kuli kotheka yaikazi idyere payokha, popeza nkhunzi zofula zimaipirikitsa. Madzi ndi mchere zisasowe, pakuti ng'ombe yaludzu sidya chakudya chouma. Mabelo akachepa, yambani ndi ya bere kapena yoyamwitsa, kenaka zolimira mwezi umodzi kulima kusanayambe, ndipo kwa izi kilogalamu imodzi ya gaga kapena keke ya mpendadzuwa pa tsiku imathandiza kwambiri.

Mvula yoyamba ikagwa musaleke msanga. Msipu wongophuka kumene ndi madzi okhaokha, ng'ombe zimauthamangira tsiku lonse osakhuta, zimatsegula m'mimba, ndipo zofooka zambiri zimagwa m'masabata amenewa. Ndicho chifukwa chiwerengero chathu chinafika mpaka pakati pa Disembala: mabelo khumi kapena khumi ndi asanu omalizira asungidwire masabata awiri kapena atatu a msipu watsopano, ndipo aziperekedwa m'mawa ng'ombe zisanatuluke m'khola.